Kusandutsa masilayidi odzaza kukhala manotsi omvera m'minibasi ndi pochapa

NaBanda_chaka2
Moni nonse, ndikupempha nzeru. Ndikuphunzira unamwino ndipo mpata wokhala pansi ndi buku ndi wochepa, chifukwa nthawi yambiri imathera m'minibasi, ina pochapa ndi pophika. Ndikufuna ndizijambula manotsi pa foni n'kumamvera. Koma masilayidi amene amatipatsa ndi odzaza zidule, mivi ndi manambala. Ndikawawerenga mokweza mmene alili, pomvera mawu amangodutsa osagwirapo kanthu. Nayi imodzi, ya kuchepa kwa madzi m'thupi mwa mwana wotsekula m'mimba:

```
SEVERE (any 2): lethargic/unconscious; sunken eyes; unable to drink/
  drinks poorly; skin pinch v. slow (>2 s) -> Plan C*
SOME (any 2): restless/irritable; sunken eyes; thirsty, drinks eagerly;
  skin pinch slow -> Plan B: ORS 75 ml/kg in 4 h
NONE -> Plan A
Plan C: RL 100 ml/kg. <12 mo: 30 in 1 h, 70 in 5 h
                     >=12 mo: 30 in 30 min, 70 in 2.5 h
* not in severe acute malnutrition
```

Zoterezi munthu amazinena bwanji kuti khutu lizigwire?

Liwiro
Achemwali, musadzivute. Werengani monga zilili, kenako muzimvera kangapo pa 2x, liwiro lowirikiza kawiri. Chobwerezabwereza chimalowa chokha.

Bambo_a_Mapasa
Ingoikani foni patsogolo pa mphunzitsi akamaphunzitsa. Iye amafotokoza kale bwino, nanga inu mujambulirenji mawu anu?

WaPaWailesi
A Bambo_a_Mapasa, funso ndi la masilayidi, osati la kalasi. Komanso phunziro la ola lathunthu lojambulidwa m'kalasi limadzaza phokoso la mipando ndi mawu akuti "monga mukuonera apa", pomwe womvera sakuona kanthu. Ndipo mphunzitsi amafunika kumupempha kaye.

Achemwali a NaBanda, vuto lanu lili pakuti silayidi imeneyi theka la tanthauzo lake silili m'mawu ayi, lili m'kayalidwe. Diso likangoponya pamenepo limaona kuti magulu ndi atatu, limaona kuti mzere wapamwamba ndi wachiwiri akufanana, limatsika kukaona kanyenyezi kapansi n'kubwerera. Khutu silingabwerere. Limalandira mawu limodzi limodzi, ndipo lomwe ladutsa ladutsa. Ndiye ntchito si kuwerenga silayidi, ndi kulemba mwatsopano zomwe diso likanaona lokha. Lembani kaye papepala, musajambule kuchokera pa sikirini.

Choyamba nenani kuchuluka kwa zomwe zikubwera. Chachiwiri bwezerani aneni amene silayidi inachotsa: muvi uliwonse usanduke mawu, kaya "ndiye kuti", kaya "zikatero mupatseni", malinga ndi zomwe muviwo ukutanthauza pamalopo. Gawo loyamba likhoza kumveka chonchi:

"Iyi ndi nkhani ya mwana wotsekula m'mimba. Tikufuna kudziwa ngati madzi achepa m'thupi mwake. Magulu alipo atatu: achepa kwambiri, achepako, kapena sanachepe. Kuti tisankhe gulu timayang'ana zinthu zinayi. Mmene mwana akuonekera. Maso ake. Mmene akumwera. Ndi khungu la pamimba tikalitsina. Zinthu zinayi, magulu atatu. Kuti mwana alowe m'gulu, pamafunika zizindikiro ziwiri za gululo, osati chimodzi."

Muona kuti mpaka pano sindinatchule chizindikiro n'chimodzi chomwe. Womvera ayambe wadziwa malo oikapo zomwe zikubwerazo.

NaBanda_chaka2
Zikomo. Koma zinthu zinayizo pa silayidi sanazilembe choncho. Mwazitenga kuti?

WaPaWailesi
Zilipo, kungoti zabisala. Ikani mzere woyamba pamwamba pa wachiwiri, muona kuti chizindikiro choyamba konse kuwiri ndi maonekedwe a mwana, chachiwiri ndi maso, chachitatu kumwa, chachinayi khungu. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amanena zinayi za gulu loyamba, kenako zinayi za gulu lachiwiri. Pofika pa gulu lachiwiri, zoyamba zija zatuluka kale m'mutu ndipo palibenso choyerekeza nacho. Tembenuzani: tengani chinthu chimodzi, muchinene m'magulu onse awiri motsatizana.

"Choyamba, maonekedwe. Madzi akachepako, mwana amavuta, salola kukhazikika. Akachepa kwambiri, mwana amafookeratu kapena kukomoka. Wovuta, achepako. Wofooka, achepa kwambiri. Chachiwiri, kumwa. Akachepako, mwana ali ndi ludzu, amamwa mwaphuma. Akachepa kwambiri, amamwa movutikira kapena amalephereratu. Chachitatu, khungu. Akachepako, limabwerera pang'onopang'ono. Akachepa kwambiri, limatenga masekondi opitirira awiri. Chachinayi, maso. Maso olowa m'kati ali m'magulu onse awiri, choncho paokha sangakuuzeni gulu."

Maso ndawasiya kumapeto dala, ngakhale pa silayidi ali achiwiri. Chosiyana ndi zinzake chimamveka bwino zinzakezo zikadutsa kale. Koma mukasintha ndondomeko chonchi, kasintheninso m'mawu oyamba aja kuti zigwirizane, apo ayi womvera amayembekezera maso n'kumva za kumwa.

SisitaWakale
A WaPaWailesi mwakonza bwino, koma chinthu choopsa kwambiri pa silayidi imeneyi simunachikhudze. Ndi kanyenyezi kaja. Pa sikirini kalembedwa pansi ndi zilembo zazing'ono, ndipo wojambula amakawerenga pomaliza mawu atatsika kale, kapena amakadumpha. Koma mwana wonyentchera kwambiri sapatsidwa madzi a diripi mothamanga monga Pulani C ikunenera, chifukwa mtima wake sungapirire. Ali ndi ndondomeko yakeyake, ndipo madzi ake akumwa ndi ReSoMal. Ngakhale kutsina khungu kumanamiza mwa mwana wotere, poti khungu lake limachedwa kubwerera kale ngakhale madzi asanachepe kwenikweni.

Choncho mwana wanga, lamulo lake ndi ili: chilichonse chomwe pa silayidi chili pansi ndi kanyenyezi, pojambula chikwere pamwamba, chinenedwe nambala isanatchulidwe. Muyambe gawo la Pulani C ndi mawu akuti, "Musanayambe Pulani C, funsani: kodi mwanayu ndi wonyentchera kwambiri? Ngati inde, zomwe zikubwerazi si zake." Mukaika pambuyo, womvera amene watsika minibasi pakati pa gawolo watenga manambala okhaokha wasiya chenjezo.

Chinanso chimene chimatayika ndi mitundu. Pa tchati cha ana odwala, mzere wa pinki ndi wa changu, wachikasu ndi wothandizidwa pachipatala pomwepo, wobiriwira ndi wa kunyumba. Foni siyitulutsa mtundu m'khutu, ndiye muutchule ndi pakamwa kamodzi pa gulu lililonse, chifukwa ku wodi mudzakumana nawo.

Liwiro
Koma abale, silayidi imodzi yokha mwalemba kale tsamba lathunthu. Munthu ali ndi masilayidi 60, amaliza liti? Njira yanga ija ndi yachangu.

SisitaWakale
Yachangu pojambula, inde. Pomvera ndiye kutaya nthawi.

WaPaWailesi
A Liwiro ali ndi mfundo pang'ono, kungoti aipereka molakwika. N'zoona kuti silayidi yodzaza ngati iyi ikalembedwa bwino imatalika kangapo, ndipo munthu sangachite zimenezi pa masilayidi onse. Ndiye poyamba sankhani. Yendani ndi pensulo pa masilayidi onse n'kuwagawa patatu. Ena ndi a mutu, zolinga za phunziro, zithunzi zokongoletsa ndi "zikomo", amenewo asiyeni. Ena ndi ofotokoza chifukwa, ndondomeko kapena kusiyana kwa zinthu ziwiri, amenewo ndiwo a khutu. Otsala ndi a diso basi: chithunzi cha ziwalo, tchati cha kakulidwe ka mwana, tebulo la mizere yambiri la milingo ya mankhwala. Amenewa musalimbane nawo, alembeni pa kakhadi kolowa m'thumba, ndipo mu zojambulazo mungonena kuti "apa mukafika muone khadi 3". Mukatero mupeza kuti ofunika kuwalembera ndi ochepa kuposa mmene mumaopera.

Za 2x zija, zimathandiza pa nkhani yomwe mukuidziwa kale ndipo mukungoikumbukira. Pa manambala atsopano ayi. Komanso zimafupikitsa ndi malo achete omwe, amene ndi mbali ya phunzirolo.

Nthiwatiwa
Ine ndimaphunzira zowerengetsa ndalama, masilayidi athu ndi matebulo okhaokha a manambala. Kodi zimene mukunenazi zingagwire kwa ife? Chifukwa ndikuona ngati mzere wa `Assets = Liabilities + Equity` ukhoza kunenedwa, koma tebulo la chaka chathunthu n'zosatheka.

WaPaWailesi
Mwadziyankha kale. Lamulo ndi chifukwa chake zipite ku khutu, tebulo litsale papepala. Chomwe mungajambule pa tebulo ndi funso lakuti ndalama yakutiyakuti imalowa mbali iti ndipo chifukwa chiyani, chimodzi chimodzi.

SisitaWakale
Tibwerere ku manambala a NaBanda, chifukwa ndi pomwe wophunzira amagwera pa mayeso, ndipo ku wodi ndi pomwe mwana amavulalira. Mzere wa Pulani C uli ndi manambala ambiri mothithikana, ndipo 30 akutuluka katatu ndi matanthauzo awiri: kawiri ndi mamililita, kamodzi ndi mphindi. Mukawerenga "30 in 30" mmene zalembedwera, khutu limangomva phokoso. Chiganizo chimodzi chinyamule nambala imodzi, ndipo nambala iliyonse ituluke ndi dzina lake, kaya mamililita, kaya maola. Yambani ndi chomwe sichisintha, kenako chomwe chimasintha:

"Madzi ake ndi Ringer's lactate. Onse pamodzi ndi mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya mwana. Amagawidwa pawiri. Gawo loyamba ndi mamililita 30 pa kilogalamu. Gawo lachiwiri ndi mamililita 70 pa kilogalamu. Kuchuluka kumeneku sikusintha ndi msinkhu. Chomwe chimasintha ndi nthawi. Mwana wosakwana chaka amalandira pang'onopang'ono: gawo loyamba ola limodzi, gawo lachiwiri maola 5, onse pamodzi maola 6. Mwana amene wakwanitsa chaka amalandira pa theka la nthawi imeneyo: gawo loyamba theka la ola, gawo lachiwiri maola awiri ndi theka, onse pamodzi maola atatu."

Taonani kuti mphindi 30 ndazinena kuti theka la ola, kuti 30 atsale wa mamililita yekha. Taonaninso mawu akuti "theka la nthawi imeneyo". Pa silayidi palibe, koma ndi oona, ndipo amachotsa manambala awiri pa zoloweza: mukadziwa za khanda, za wamkulu mumazipeza pogawa pawiri. Polemba manotsi omvera muzifufuza ubale wotere pakati pa manambala, chifukwa khutu limasunga ubale kuposa mndandanda.

Mukatha, ikani mwana weniweni. "Khanda la miyezi 10, lolemera makilogalamu 8. Gawo loyamba ndi mamililita angati?" Khalani chete. Kenako, "8 kuchulukitsa ndi 30, mamililita 240, pa ola limodzi. Gawo lachiwiri?" Chete. "8 kuchulukitsa ndi 70, mamililita 560, pa maola 5." Musamangogwiritsa ntchito mwana wa makilogalamu 10. Ndi wophweka kwambiri, munthu amangowonjezera ziro osaganiza, ndiye amadziona ngati wadziwa.

Mawaya
Ndiwonjezerepo pa manambala. Ambirife timawatchula m'Chingerezi, ndipo m'phokoso la injini sate ndi satini zimamveka chimodzimodzi, sevente ndi seventini chimodzimodzinso, poti kusiyana kwake kuli kumapeto kwa liwu komwe kumamezedwa. Pa nambala ya mankhwala nenani kawiri m'njira ziwiri: "sate, makumi atatu", "sevente, seveni ndi ziro". Zimatenga sekondi imodzi.

NaBanda_chaka2
Mayi SisitaWakale, chete ameneyo atalike bwanji? Ndikuopa kuti ndidzaganiza kuti foni yazima.

SisitaWakale
Pa funso la liwu limodzi masekondi 3 akwana. Pa lochulukitsa perekani 6 kapena 8. Njira yophweka poyeza ndi kuyankha funsolo mumtima kawiri mukujambula, kenako n'kunena yankho mokweza. Ndipo chenjezani ndi liwu lomwelomwelo nthawi zonse, monga "yankhani", kuti mudziwe kuti chete akubwerayo ndi wadala. Malo achete amenewa ndiwo amasiyanitsa kuphunzira ndi kungomvera wailesi. Mawu anu omwe mukawamva kachitatu amazolowereka, mumayamba kudziwa chiganizo chotsatira chisanabwere, n'kumaganiza kuti mwaidziwa nkhaniyo. Chizindikiro chakuti zalakwika ndi ichi: mukhoza kumaliza chiganizo foni ikachiyamba, koma mnzanu akakufunsani funso lomwelo m'mawu ena mumasowa poyambira. Zikafika apo lekani kumvera gawo lofotokoza, jambulani la mafunso okhaokha, mosakaniza ndondomeko, ndi ana a makilogalamu ena. Pa Pulani B mwachitsanzo: mwana wa makilogalamu 8, madzi a thanzi ndi angati? 8 kuchulukitsa ndi 75, mamililita 600 pa maola 4. Mawa lake akhale wa makilogalamu 12, yankho 900.

Bambo_a_Mapasa
Koma minibasi za masiku ano nyimbo zake zimakhala pamwamba zedi. Kondakitala ukamuuza atsitse amakuyang'ana ngati wamutukwana. Mahedifoni a pamsika aja amathandiza?

Mawaya
Otsika mtengo akwana, bola akhale olowa m'khutu okhala ndi timphira, ndipo kamphirako kakhale ka saizi yotseka bwino. Kutseka ndi komwe kumachepetsa phokoso, osati mtengo. Aja apulasitiki yolimba ongokhala pakhomo pa khutu amalowetsa phokoso lonse, ndiye munthu amakweza mawu mpaka kumapeto, makutu n'kumalira akatsika. Mukaona kuti mukufunika kukweza mpaka kumapeto, vuto lili pa kajambulidwe kapena pa timphira. Ndipo poyenda pansi m'mbali mwa msewu kapena pa kabaza, khutu limodzi lizikhala lotsegula.

Liwiro
Mpando wakumbuyo ndiye woipitsitsa, masipika amakhala pansi pake.

Mawaya
Eya. Tsopano za kajambulidwe, achemwali a NaBanda. Pulogalamu yojambulira mawu yomwe inabwera ndi foni ndi yokwanira. Ikani foni pa `Airplane mode` kuti wina akaimba asadule. Maikolofoni ambiri ali kunsi kwa foni, pafupi ndi potchajira, ndiye mbali imeneyo iyang'ane kwa inu, patali ngati chikhatho chotambasula, komanso chapambali pang'ono pa kamwa. Mukailunjikitsa pakamwa penipeni, mpweya wa "ph" ndi "th" umawomba maikolofoni n'kumveka ngati kuphulika, ndipo Chichewa chili nawo ambiri mawu otere. Foni igone pa nsalu yopinda, musaigwire m'manja, chifukwa kukhudza kwa zala kumalowa.

Chipinda chopanda katundu, cha simenti ndi malata, chimabweza mawu. Jambulirani momwe muli bedi, makatani ndi zovala zopachika, kapena yang'anani ku bulangeti lopachikidwa pa chingwe. Mvula ikamagwa pa malata dikirani. Musanajambule zonse, jambulani masekondi 20, valani mahedifoni omwe mudzamvere nawo, tsegulani mpopi kapena yatsani wailesi, mumve ngati manambala akumveka. Chomveka bwino m'chipinda cha zii chikhoza kusowa pa msewu.

Mukalakwitsa pakati musayambirenso fayilo yonse. Nenani "ndibwereze", n'kunena chiganizo chonsecho molondola. Koma ngati cholakwikacho ndi nambala ya mankhwala, fufutani mujambulenso gawolo, chifukwa nambala yolakwikayo mudzaimva tsiku lililonse limodzi ndi yolondola.

WaPaWailesi
Ndi chifukwa chake magawo azikhala aafupi, mphindi 3 mpaka 5, nkhani imodzi pa fayilo. Silayidi ya NaBanda ndi mafayilo atatu: kusankha gulu, Pulani B ndi A, Pulani C. Wina akakulankhulitsani kapena mwafika potsika, mwataya kagawo kamodzi osati phunziro lonse. Fayilo iliyonse iyambe ndi kudzitchula, "Kutsekula m'mimba, gawo lachitatu mwa atatu, Pulani C", poti manja akakhala m'madzi a sopo simungatulutse foni kuti muone. Pa chifukwa chomwecho pewani mawu ngati "chimenechi", "zija tanena", "yoyambayo". Bwerezani dzina la chinthucho ngakhale zikuoneka zotopetsa papepala. Womvera amene maganizo anachoka kwa masekondi 10 akabwerera apeze dzina, osati "iyo".

Polemba pepala lowerengalo ikani kamzere kopendekera pomwe mupumire. Chiganizo chomwe simungachimalize ndi mpweya umodzi chatalika, chiduleni pawiri. Ndipo kuti mudziwe kutalika kwa gawo musanajambule, werengani ndime imodzi mukuyang'ana wotchi, muwerengere mawu amene mwanena pa mphindi imodzi. Musatengere nambala ya anthu olankhula Chingerezi, mawu a Chichewa ndi aatali ndipo pa mphindi amalowa ochepa.

Mawaya
Mayina a mafayilo ayambe ndi manambala awiri: `01_magulu`, `02_pulaniB`, `03_pulaniC`. Mukalemba 1, 2, 3 opanda ziro, mapulogalamu ena amaika 10 patsogolo pa 2. Za malo m'foni: mawu a munthu mmodzi safuna zambiri. Pa 64 kbps mphindi imodzi ndi pafupifupi 480 kB, ndiye gawo la mphindi 5 ndi 2.4 MB. Mukasiya pa WAV, mphindi imodzi yokha imatha kupitirira 5 MB. Yang'anani mu `Settings` ya pulogalamu yojambulira musankhe M4A kapena MP3. Amene ali ndi kompyuta akhoza kuchepetsa fayilo ndi kukweza mawu nthawi imodzi ndi pulogalamu ya ffmpeg chonchi:

```
ffmpeg -i 03_pulaniC.wav -ac 1 -af loudnorm -b:a 64k 03_pulaniC.mp3
```

`-ac 1` imapangitsa kuti mawu onse akhale njira imodzi, kotero ngakhale mutavala khutu limodzi simuphonya kanthu. `loudnorm` imafananitsa kukwera kwa mawu kuti fayilo ina isakhale yotsika ina yokwera.

Nthiwatiwa
Bwanji osangodzitumizira mawu pa WhatsApp? Ndi zomwe anzanga amachita.

Mawaya
Zimatheka, ndipo mauthenga a mawu otsatizana amaseweredwa motsatizana okha. Vuto ndi lakuti alibe mayina, ndiye pakatha mwezi simudziwa uti ndi uti pokhapokha mutalemba mutu pansi pa uliwonse. Komanso sabwereza okha akafika kumapeto, ndipo kutsegula WhatsApp kumakukokerani ku mauthenga ena. Fayilo yomwe ili mu pulogalamu ya nyimbo mumaiika pobwereza, n'kuzimitsa sikirini, foni m'thumba lamkati. Batire limakhalitsa ndipo pa depoti simukuionetsa.

Liwiro
Nanga foni singawerenge yokha? Pali mawu a makina aja, umangoika zolemba.

WaPaWailesi
Iwerenga zomwe mwaipatsa. Mukaipatsa silayidi, `ml/kg` ndi `>2 s` ndi `RL` zituluka ngati zilembo ndi zizindikiro, kapena zidumphidwa, ndipo kudumpha chizindikiro cha `<` pa `<12 mo` kumasintha tanthauzo lonse. Ntchito yolemba mwatsopano ija simuithawa. Mukailemba m'Chingerezi chathunthu, makina akhoza kuwerenga. Mawu a Chichewa akawerengedwa ndi liwu la Chingerezi amapotoka mpaka osamveka. Ndiponso kunena wekha mokweza ndi ulendo woyamba wophunzira, ndi pomwe umagundika pa malo amene sunamvetse.

Mlangizi_waKumudzi
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndikutsutsa. Nonse mukulemba zitsanzo m'Chichewa, pomwe mayeso a mwanayu ndi a m'Chingerezi. Akazolowera "wofooka" ndi "wovuta", papepala adzafuna `lethargic` ndi `irritable` ndipo sadzawapeza msanga. Ajambule m'Chingerezi chophweka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ziganizo zazifupi, inde, koma chinenero cha mayeso.

SisitaWakale
Bambo, mayeso ndi tsiku limodzi, mayi wa mwana wodwala adzalankhula naye Chichewa tsiku lililonse. Komanso kunena chinthu m'Chichewa kumaulula ngati wachimvetsa. Wophunzira akhoza kutchula `lethargic` bwinobwino osadziwa kuti ndi mwana amene sakutsatira zomwe zikuchitika pafupi naye ngakhale umugwedeze, osati wongogona tulo. Ine ndinganene kuti kufotokoza kukhale m'Chichewa, liwu la pa silayidi litchulidwe m'Chingerezi pamalo pake nthawi iliyonse, ndipo fayilo ya mafunso ikhale m'Chingerezi chokha monga adzafunsire.

Mlangizi_waKumudzi
Ndiye kuti ntchito yawirikiza. Ndipo kusakaniza zinenero m'chiganizo chimodzi kumazolowereka mpaka polemba yankho lalitali. Kalembedwe ka mawuwo nakonso khutu siliphunzitsa, munthu amamva bwino koma kulemba `diarrhoea` n'kulephera.

WaPaWailesi
Pa kalembedwe mukunena zoona, ndipo kutchula zilembo chimodzi chimodzi mu zojambula kumatopetsa osathandiza kwenikweni. Mawu ovuta kulemba apite pa khadi lija. Za chinenero sindikuganiza kuti pali yankho limodzi. Amene amaganiza kale nkhaniyi m'Chingerezi asadzivute kumasulira. Amene akawerenga silayidi amayamba waitembenuza mumtima, ajambule mmene amaganiziramo.

NaBanda_chaka2
Ndiyesa mafayilo atatu a silayidi imeneyi, kufotokoza m'Chichewa, mafunso m'Chingerezi, ndione. Funso lomaliza: pali ntchito zina zomwe sizigwirizana ndi kumvera? Pophika ndiwo ndimaona kuti ndikuphonya zambiri kuposa pochapa.

WaPaWailesi
Zilipo. Ntchito ya manja yobwerezabwereza, monga kuchapa, kusita, kukolopa, kutsuka mbale kapena kusankha nyemba, imasiya mutu womasuka, ndiye ikani gawo latsopano ndi mafunso owerengetsa. Ntchito yofuna kuganiza kapena kulankhula, monga kuyeza mchere, kuwerenga chenji, kuyang'anira mwana, kudikira potsika pa msewu wosauzolowera, imalanda malo omwewo amene mawu akufuna. Pamenepo ikani zomwe munamva kale, kapena zimitsani. Ndipo gawo latsopano lililonse muyambe mwalimvera kamodzi mutakhala pansi silayidi ili patsogolo, chala chikutsatira, kuti mutsimikize kuti palibe nambala yomwe yasintha pakati pa sikirini ndi pakamwa.

SisitaWakale
Pa kutsimikizako, yerekezani ndi tchati chomwe chili ku wodi kapena buku la ndondomeko lomwe mukugwiritsa ntchito chaka chino, osati silayidi yokha, chifukwa masilayidi amakoperedwa chaka ndi chaka ndipo ena amatsala m'mbuyo. Tchulani mwezi ndi chaka kumayambiriro kwa fayilo iliyonse ya milingo ya mankhwala, kuti mnzanu amene mudzamugawire adziwe kuti ndi ya liti. Silayidi yanuyi yasiyanso zinki, amene amaperekedwa kwa mwana wotsekula m'mimba kwa masiku 10 mpaka 14. Muwonjezere mu fayilo ya Pulani A, ndi milingo yake iwiri, ya wosakwana miyezi 6 ndi ya wopitirira, iliyonse m'chiganizo chakechake.

Mlangizi_waKumudzi
Mukajambula mutiuze zotsatira za mafunso a m'Chingerezi aja pakatha sabata ziwiri, makamaka ngati mawu a pa silayidi akubwera okha kapena mukuyamba mwawafunafuna. Ine pa chinenero sindinagonje.